Ndingadziwe Bwanji Ngati Kudziwana ndi Anthu Kukundibweretsera Ntchito?

"Chaka chatha ndinasiya ntchito yolembedwa n'kuyamba kuthandiza eni mabizinesi ang'onoang'ono kusunga mabuku awo a ndalama. Aliyense amandiuza kuti makasitomala amabwera ukamadziwana ndi anthu, choncho ndimapita ku misonkhano ya amalonda, ndimagawa makhadi anga ndiponso ndimaimbira anthu foni. Nthawi ikupita yambiri, koma sindikudziwa ngati zikuthandiza kapena ndikungodzitangwanitsa. Ndadzipatsa miyezi itatu. Kodi ndiziwerenga chiyani kuti pomaliza ndidziwe zoona zake?" Mayi wina wowerenga

Zikomo kwambiri mayi, ndipo mtima ukhale pansi, chifukwa zimenezi n'zotheka kuzidziwa popanda chipangizo chilichonse chapamwamba. Koma ndiyambe ndakuchenjezani za malire a nthawi imene mwasankha. Miyezi itatu, yomwe ndi masabata 13, ndi yokwanira kukuonetsani malo amene khama lanu likutayikira, koma si yokwanira kukuuzani ntchito zonse zimene khamalo lidzabale, popeza munthu amene mwacheza naye lero akhoza kudzakukumbukani patatha miyezi isanu, pamene womusungira mabuku wake wachoka. Choncho pa tsiku lomaliza musadzadzifunse funso limodzi lokha lakuti mwapeza makasitomala angati. Mudzafunse kuti pa anthu amene munacheza nawo, ndi angati amene anavomera kukhala nanu pansi, ndipo pa amenewo ndi angati amene anakutsegulirani khomo la ntchito.

Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza anthu odzilemba okha ntchito, ndaona kuti kawerengedwe kameneka kamawonongeka tsiku loyamba lomwe, munthu asanalembe n'komwe nambala, chifukwa chosagwirizana ndi mtima wake kuti liwu lililonse likutanthauza chiyani. Munthu akatopa amafuna kudzitonthoza, ndiye moni wapakhomo amamuwerenga ngati macheza, ndipo mawu aulemu akuti "tidzakufunani" amawawerenga ngati mwayi. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti matanthauzo alembedwe pa tsamba loyamba la kope, ndipo asasinthidwe mpaka masabata 13 atatha.

Macheza owerengeka ndi amene nonse awiri mwalankhula za ntchito, mnzanuyo wadziwa chimene inu mumachita, ndipo inu mwamva chimene chikumuvuta iye. Poyesera pake ndi posavuta: mukafika kunyumba, kodi mungalembe chiganizo chimodzi chonena chimene munthuyo akusowa? Ngati mungalembe kuti "ali ndi antchito 8 ndipo malipiro amawerengera pamanja", amenewo ndi macheza. Ngati chimene mukukumbuka ndi dzina lake ndi mtundu wa jekete lokha, munangopatsana moni, ndipo khadi limene munamupatsa lisakupusitseni.

Kukumana kowerengeka ndi kumene munachita kupangana tsiku ndi ola, munthuyo n'kupatula nthawi yake chifukwa cha inu, kaya pamaso m'pamaso kaya pa foni. Gawo limeneli ndimalikonda kuposa ena onse chifukwa silinama. Kucheza nanu pa msonkhano munthu saluza kanthu, popeza anabwera kale ndipo akudikira kuti mwambo uyambe, koma kukupatsani theka la ola pakati pa sabata ndi kulipira ndi chinthu chimene amachiumira.

Mwayi weniweni, umene pano ndiziutcha mpata, uyenera kukhala ndi zinthu zitatu nthawi imodzi. Pakhale ntchito imene mungaitchule dzina, pakhale munthu amene ali ndi mphamvu yovomereza kapena wokufikitsani kwa mwini mphamvuyo, ndipo pakhale chochita chotsatira chokhala ndi tsiku lake. Wina akanena kuti mumutumizire mtengo wa ntchito yokonza mabuku a chaka chatha pofika Lachisanu, umenewo ndi mpata, ngakhale mutadzaulephera. Wina akanena kuti mlongo wake mwina adzafuna munthu ngati inu, lembani mawuwo kuti musaiwale, koma musawawerenge kufikira mlongoyo atayankha.

Cholembamo chikhale chopepuka, chifukwa tebulo la madanga 20 munthu amalisiya sabata yachitatu. Madanga 7 ndi okwanira: tsiku, dzina la munthu, gwero lake, mtundu wa chochitikacho, amene anayamba kufuna mnzake, maola amene mwawononga, ndi chochita chotsatira pamodzi ndi tsiku lake. Gwero ndi njira imene munthuyo munamudziwira poyamba, ndipo silisintha ngakhale mutakumana naye kasanu m'malo osiyanasiyana. Magwero asapitirire anayi, mwachitsanzo misonkhano, anzanu akale a kuntchito ndi makasitomala akale, anthu amene wina wakulumikizani nawo, ndi amene mwawalembera musanadziwane. Pa maola muziphatikiza ulendo wopita ndi wobwerera, kudikira, ndi nthawi yolemba mauthenga pambuyo pake, chifukwa msonkhano wa maola awiri nthawi zambiri umadya madzulo onse. Kope wamba limagwira ntchito imeneyi bwinobwino. Ngati mumakonda Excel kapena Google Sheets, ndipo gwero lili mu danga C, mtundu mu D, maola mu F, mizere iwiri iyi ikuwerengerani anthu amene munakumana nawo ochokera ku misonkhano ndi maola amene misonkhanoyo yakudyerani:

```
=COUNTIFS(C:C,"misonkhano",D:D,"kukumana")
=SUMIF(C:C,"misonkhano",F:F)
```

Chenjerani ndi chinthu chimodzi apa, pakuti mzere woyambawo umawerenga mizere ya m'tebulo osati anthu. Mukakumana ndi munthu mmodzi katatu, liwu lakuti "kukumana" mulilembe ulendo woyamba wokha, ndipo maulendo enawo muwalembe kuti "kubwereza", apo ayi mnzanu mmodzi wokonda kucheza adzakuonetsani ngati muli ndi anthu atatu. Lembani tsiku lomwelo zinthu zikadali m'mutu, ndipo patulani mphindi 15 tsiku limodzi pa sabata, tsiku losasinthasintha, kuti muone zochita zimene tsiku lake lafika. Musawerengere zotsatira sabata iliyonse, chifukwa manambala a sabata imodzi ndi ochepa kwambiri moti amangokukwezani ndi kukutsitsani mtima popanda kukuphunzitsani kanthu.

Kuti muone mmene manambalawa amawerengedwera, ndikufotokozereni za bambo wina wojambula mapulani a nyumba amene ndinamuthandiza. Anabwera kwa ine atatsimikiza kale kuti misonkhano ya amalonda ndi yotaya nthawi, ndipo ankangofuna kuti ndimuvomereze. Tinagwirizana kuti alembe kaye kwa masabata 13. Pomaliza anali atacheza ndi anthu 46, anakumana mopangana ndi 14 mwa iwo, ndipo panatuluka mipata 6. Zonsezi zinamutengera maola 52, kutanthauza maola 4 pa sabata. Pa mipata 6 ija, umodzi wokha ndi umene unali utasanduka ntchito yolipidwa, iwiri inali italephereka, ndipo itatu inali ikadali m'njira. Iye ataona ntchito imodzi pa maola 52 anaponya cholembera patebulo, nati mwaonatu, si ndinanena.

Tinagawa manambalawo potsata magwero, ndipo chithunzi chinayamba kusintha. Ku misonkhano 6 imene anapitako anacheza ndi anthu 27, koma anakumana ndi atatu okha, n'kupeza mpata umodzi, pa maola 30. Kwa anzake akale ndi makasitomala akale anacheza ndi anthu 11, anakumana ndi 6, n'kupeza mipata iwiri, pa maola 13. Kwa anthu amene ena anamulumikiza nawo anacheza ndi 8, anakumana ndi 5, n'kupeza mipata itatu, pa maola 9 okha. Ndiye kuti kukumana kumodzi kochokera ku misonkhano kunamudyera maola 10, pamene m'magwero ena awiriwo kunamudyera pafupifupi maola awiri. Kufika apa bamboyo ankaoneka kuti wawina mlandu, ndipo ambiri amene amalemba manambala otere amalekera pomwepa, n'kusiya misonkhano.

Koma tinayang'ana danga la masiku. Pa anthu 27 a ku misonkhano aja, iye anawalembera uthenga pasanathe masiku awiri anthu 9 okha, ndipo atatu onse amene anavomera kukumana naye anali mwa 9 amenewa. Otsala 18 ena anawalembera patatha masabata awiri kapena atatu, ena sanawalembere n'komwe, ndipo makhadi awo anali atamangidwa ndi labala m'kabati. Choncho nambala yoona ya misonkhano sinali atatu pa 27 ayi, inali atatu pa 9 kwa amene anawatsatira msanga, ndi ziro pa 18 kwa amene anawanyalanyaza. Vuto silinali m'chipinda cha msonkhano, linali m'mawa wa tsiku lotsatira. Kenako ndinamufunsa kuti anthu 8 olumikizidwa aja anamulumikiza nawo ndani. Atawerenga anapeza kuti 5 mwa iwo anachokera kwa anthu awiri okha, ndipo mmodzi wa awiriwo anali mayi wogulitsa zipangizo zomangira amene anadziwana naye pa msonkhano wa mtundu womwewo chaka cham'mbuyo. Gwero limene ankalinyoza ndi limene linabala gwero limene ankalitama, kungoti panadutsa chaka pakati, ndipo tebulo la miyezi itatu silikanatha kuona zimenezo popanda kufunsidwa.

Chimene anachita pa miyezi itatu yotsatira chinali chaching'ono. Anachepetsa misonkhano kuchoka pa 6 kufika pa iwiri, anadziikira lamulo lolembera munthu aliyense pasanathe masiku awiri potchula chinthu chenicheni chimene anakambirana, ndipo maola otsalawo anawapereka kwa anthu awiri omulumikiza aja ndi kwa makasitomala akale amene anali asanawafunsepo. Sindikuuzani kuti nanunso muchite chimodzimodzi, chifukwa tebulo lanu likhoza kunena zosiyana. Chimene ndikufuna mutengepo ndi dongosolo la mafunso: gawani potsata gwero, yerekezani ndi maola, yang'anani masiku amene anadutsa musanamutsatire munthu, ndipo pa aliyense wolumikizidwa funsani kuti wokulumikizaniyo munamudziwira kuti.

Tebulo likakhala lolembedwa moona, malo amene manambala agwera ndi amene amakuuzani matenda. Ngati macheza ndi ochepa, tinene osafika awiri pa sabata, palibe chimene mungaweruze, ndipo mankhwala ake ndi kungowonjezera. Ngati macheza ndi ambiri koma okumana nanu ndi ochepa, pali zifukwa zitatu zimene ndimakumana nazo kawirikawiri, ndipo zimasiyanitsika. Mwina mukuchedwa kutsatira, ndipo masiku adzakuonetsani. Mwina mukucheza ndi anthu olakwika, ndipo mudzazindikira powerenga ziganizo zija za zosowa zawo n'kupeza kuti ambiri ndi ogulitsa anzanu amene nawonso anabwera kudzasaka makasitomala. Mwinanso pempho lanu ndi losamveka, chifukwa uthenga wakuti "tidzachezenso nthawi ina" supatsa munthu chifukwa chotsegulira kalendala, pamene wakuti "munanena kuti malisiti amakusowani pa mapeto a mwezi, ndingakuonetseni m'mphindi 20 mmene ena amawasungira" umamupatsa. Ngati okumana nanu ndi ambiri koma mipata kulibe, nkhani yachoka pa kudziwana ndi anthu, yafika pa chimene mukugulitsa: kapena anthuwo sakumvetsa ntchito yanu, kapena mukukumana ndi anthu opanda mphamvu yovomereza, kapena mumatuluka m'chipindamo osapempha chilichonse poopa kuoneka wadyera. Ndipo ngati mipata ilipo koma yonse ikulephereka pa mapeto, yang'anani mtengo wanu ndi mmene mumalembera zikalata zopempha ntchito, osati kuchuluka kwa anthu amene mukuwadziwa.

Danga la amene anayamba kufuna mnzake ambiri amaliona ngati losafunika, koma kwa ine ndi limene limalosera bwino miyezi imene ikubwera. M'mwezi woyamba pafupifupi mizere yonse idzanena kuti munayamba ndinu, ndipo zimenezo n'zoyembekezereka. Chofunika ndi kuona ngati m'mwezi wachitatu mwayamba kuoneka mizere imene wina wakuimbirani yekha, wakufunsani funso la misonkho, kapena wapereka nambala yanu kwa mnzake musanamupemphe. Mizere itatu kapena inayi yotere ndi umboni wakuti dzina lanu layamba kuyenda pamene inu palibe, ngakhale ndalama isanalowe. Ngati masabata 13 atha ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera kwa inu mwa kufuna kwake, dzifunseni ngati pa macheza onsewo munapatsapo munthu chinthu chothandiza, monga yankho la funso lake kapena dzina la munthu amene angamuthandize, kapena munkangopempha basi.

Musadabwe mukapeza kuti mipata yambiri ikuchokera kwa anthu amene simuli nawo pafupi kwenikweni. Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, Mark Granovetter, anafotokoza mu 1973 kuti anthu ongodziwana nawo patali nthawi zambiri ndi amene amabweretsa nkhani zatsopano za ntchito kuposa abwenzi apamtima, chifukwa abwenzi apamtima amayenda m'magulu omwewo amene inu mumayendamo ndipo amamva zomwe inu mwamva kale. Pa tebulo lanu izi zikutanthauza kuti mnzanu wakale wa kuntchito amene simunalankhule naye zaka zitatu ayenera kuwerengedwa ngati gwero lenileni, osati munthu woimbira mukasowa chochita.

Pali ngozi ziwiri zimene kuwerenga kumeneku kumabweretsa. Yoyamba ndi yakuti nambala ikasanduka cholinga imasiya kunena zoona, mfundo imene imadziwika ndi dzina la katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart. Mukadziikira kuti muzicheza ndi anthu 10 pa sabata, mudzakwanitsadi, koma mudzayamba kusankha anthu osavuta kuwapeza m'malo mwa anthu oyenera, ndipo tebulo lidzakongola pamene ntchito ikuuma. Ngati mukufuna cholinga, chiikeni pa khalidwe limene lili m'manja mwanu, monga kutsatira munthu aliyense pasanathe masiku awiri. Ngozi yachiwiri ndi kukhulupirira manambala ang'onoang'ono mopitirira muyezo. Kusiyana kwa mipata iwiri ndi itatu sikutanthauza kanthu, popeza foni imodzi yokha ikanatha kusintha zonse. Kusiyana kwa maola 10 ndi maola awiri n'kumene kuli kwakukulu mokwanira kuti munthu asinthe zochita. Pa chifukwa chimenechi musatseke gwero lililonse chifukwa cha miyezi itatu yokha. Lichepetseni, konzani chimene mwapeza kuti chikulakwika, ndipo muliyesenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mipata imene idzakhale ikadali m'njira pa tsiku lomaliza muisamutsire ku tebulo latsopano pamodzi ndi gwero lake ndi tsiku la macheza oyamba, kuti mudzadziwe kuti pa ntchito yanu pamatenga masabata angati kuchoka pa moni kufika pa malipiro. Nambala imeneyo mukaidziwa, mudzasiya kuweruza mwezi uno ndi ndalama za mwezi uno.

Popeza ntchito yanu ndi ya mabuku a ndalama, ndiwonjezere chenjezo limodzi. Anthu akayamba kukukhulupirirani adzakuuzani za ngongole zawo ndi mikangano yawo ndi anzawo a bizinesi. Zimenezo zisalowe m'tebulo. Lembani chosowa chawo m'mawu wamba, ndipo tebulolo likhale pamalo amene wina sangalitsegule. Ndiponso ngati ena mwa anthu amene mukufuna kuwaimbira anali makasitomala a kumene munkagwira ntchito, werenganinso kaye mgwirizano umene munasaina kumeneko, chifukwa mapangano ena amaletsa wochoka kukopa makasitomala kwa nthawi yakutiyakuti, ndipo ngati mawu ake sakumveka bwino funsani loya musanaimbe foni.

Nthawi yofuna thandizo la munthu wina ndi pamene mwalemba mokhulupirika kwa miyezi isanu ndi umodzi, mwakumana mopangana ndi anthu osachepera 15 kapena 20, koma mpata weniweni palibe. Pamenepo kuwonjezera macheza sikungathandize. Tengani tebulolo mupite nalo kwa munthu amene wakhala nthawi yaitali pa ntchito ngati yanu, kapena kwa mlangizi wa mabizinesi, ndipo mumupemphe kuti amvetsere mmene mumadzifotokozera m'mphindi ziwiri zoyamba, chifukwa cholakwika chimene chili m'mawu anu inu eni simungachimve. Mungathenso kubwerera kwa awiri kapena atatu mwa amene anakumana nanu koma sanakupatseni ntchito, n'kuwafunsa mwaulemu kuti anasankha njira iti m'malo mwake ndipo chinawakopa n'chiyani, mutawatsimikizira kuti simukudzagulitsanso kanthu. Ndipo ngati mudzapeze kuti danga la zochita zotsatira likudzaza ndi masiku odutsa chifukwa choti mukagwira foni mtima umagunda mpaka kuibweza m'thumba, limenelo si vuto la manambala, ndipo ndi bwino kulikambirana ndi mlangizi wodziwa za nkhawa musanayambe miyezi itatu ina.